Lachitatu la "tikuuzani posachedwa"

Uthenga unalowa pa WhatsApp m'mawa ndili ku ofesi kuno ku Mzuzu. Unachokera kwa mayi wina wa kampani ya ku Lilongwe yomwe imafunira mabungwe antchito. Anati dzina langa lili m'gulu la omwe asankhidwa pa ntchito ya akauntanti wa pulojekiti, ndipo zotsatira andiuza posachedwa. Basi, wathera pomwepo. Za tsiku, za mayeso, ngakhale za amene adzandifunse mafunso, munalibe.

Ndinakondwa, koma chimwemwecho sichinakhalitse. Posachedwa ndi liti? Pano ndili pantchito, tchuthi sindingachipemphe lero n'kunyamuka mawa, komanso ulendo wa pabasi wa ku Lilongwe umadya tsiku ndi ndalama. Palinso za notisi. Malamulo a ntchito a mu 2000 amati wolandira malipiro pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi, ndiye ngati akufuna munthu woyamba msanga, ndiyenera kudziwiratu.

Masana ndinawaimbira. Manyazi analipo, poti tinakula tikumva kuti wofuna ntchito safunsafunsa, angamuone ngati wamwano. Koma si mwano kufunsa za ulendo womwe uyende ndiwe.

"Pepani mayi," ndinatero, "ndimati ndimve, kuchoka pano kufika pa kalata yolemba munthu ntchito, tidutsa magawo angati?"

Anati poyamba pali mayeso olemba a Excel, ochitira pakompyuta uli kwanu. Okhoza adzaitanidwa ku intavyu, kenako bungwe lidzaimbira anthu otichitira umboni. "Mwinanso pangakhale intavyu yachiwiri."

Pa "mwina" ameneyu ndinaimapo. Ndinafunsa kuti yachiwiriyo imakhalapo zikatani, ndipo amaiitanitsa ndani. Apa ndi pomwe zinayamba kumasuka. Iwo sasankha munthu ayi, amangosefa makalata n'kutumiza mayina ku bungwelo. Ofunsa mafunso ndi mkulu wa zachuma, woona za antchito, ndi mkulu wa pulojekiti. Atatuwo akasiyana maganizo, kapena anthu awiri akafanana mamalikisi, mkulu wa bungwe lonse amafuna kuonana nawo yekha, ndipo siginecha yomaliza ndi yake. Choncho pa mayeso ndi intavyu, amene ndiyenera kumukhutiritsa kwambiri ndi mkulu wa zachuma uja, yemwenso adzakhale bwana wanga. Zimenezi zasintha kakonzekeredwe kanga: ndilimbikire za malipoti opita kwa opereka thandizo ndi kufananitsa mabuku ndi sitetimenti ya kubanki.

Za masiku ndiye zinavuta. Nditafunsa kuti liti, anabwereza kuti posachedwa. Ndinasintha kafunsidwe: "Nanga bungwelo likufuna munthuyo akhale pampando tsiku liti?" Ndinkaganiza kuti tikadziwa tsiku loyamba ntchito, tiwerenga chobwerera, kuchotsa mwezi wa notisi ndi masiku a umboni, n'kupeza sabata ya intavyu. Anakhala chete pang'ono, kenako anati tsikulo palibe, chifukwa bungwelo silinasainirane pangano la ndalama ndi opereka thandizo. Akufuna ndalama zikangobwera, munthu akhale atapezeka kale.

Sindikuwaimba mlandu mayiwa, anandiyankha mwaulemu ndipo zomwe amadziwa ananena. Chikundiwawa n'chakuti mfundo yaikulu chonchi sinali mu uthenga woyamba. Ntchito yomwe ndalama zake zilipo, okuitana amatha kutchula sabata, ngakhale tsiku lenileni atapanda kulidziwa. Akamalephera kutchula ndi mwezi womwe, nthawi zambiri pamakhala wina pamwamba amene sanavomerebe. Msuweni wanga anasiya ntchito atangouzidwa pafoni kuti wapambana, kalata osaiona, pulojekiti n'kuchedwa mpaka anayamba kukongola ya lendi. Ine notisi sindipereka ndisanagwire kalata yosainidwa yokhala ndi tsiku loyambira.

Madzulo magetsi atazima ndinakhala pakhonde mtima uli m'mwamba. Ntchitoyi ndikuifunadi. Ana akukula, fizi ikukwera, ndipo pano ndakhala pa mpando umodzimodzi kwa nthawi yaitali. Mayi a kunyumba anati ndingodekha, zabwino sizifuna phuma. Ndinavomera, komabe ndinatenga foni n'kulemba imelo, chifukwa zokambirana pafoni zimaiwalika. Ndinawathokoza, ndinabwereza magawo aja monga ndinawamvera kuti andikonze ngati ndaphonya, ndipo ndinapempha kuti andiuze kukadali sabata imodzi intavyu isanachitike, komanso ngati amabweza ndalama ya basi kapena tingachitire pa Zoom. Ndinafunsanso ngati ndingawakumbutse Lachisanu la sabata yamawa ndikapanda kumva kanthu.

Ayankha usiku uno. Za Zoom avomera, za Lachisanu avomeranso. Funso lomaliza lomwe ndinaika mu imeloyo, loti kaya kalata yolemba ntchito idzatuluka pangano la ndalama lisanasainidwe kapena pambuyo pake, alidumpha. Kaya sanalione, kaya nawonso akudikira kuuzidwa. Ndikuganiza zofunsanso mawa, kapena ndiyambe ndalemba mayesowo...