Masiku 23 m'selo popanda pepala lililonse

Lolemba m'mawa ndisanatsegule nkomwe ofesi ndinapeza mayi wina atakhala pakhonde, mwana kumbuyo, kajumbo kakuda m'manja. Anati wachokera cha ku Namwera, wanyamuka kusanache. Mawu ake oyamba anali oti aloya, bambo a mwanayu anawagwira ndipo mlandu wawo sakutiuza. Nditafunsa kuti anawagwira liti anayankha kuti papita masabata atatu ndi kamwamba.

Nkhani yake inali iyi. Mwamuna wake amachita geni ya usipa, amakapikula kunyanja nkumakagulitsa kumtunda cha ku Chiponde uko kufupi ndi malire a Mozambique. Tsiku lina pobwerera anamutsitsa m'galimoto pamsewu, chiphaso cha unzika analibe mthumba, koma anamupeza ndi ndalama za ku Mozambique zochepa chabe, zomwe aliyense wochita malonda kumalire kuja amakhala nazo. Kuonjezera apo Chichewa chake ndi chosakaniza ndi Chiyao. Basi anamuganizira kuti ndi mlendo wolowa m'dziko mozemba, kumutengera kuselo ina m'boma lathu lomwe lino, ndipo kuchoka tsiku limenelo sanapondeko kukhothi ngakhale kamodzi.

Mayiyo amafuna ndimupemphere belo, poti ndi mawu amene aliyense amawadziwa. Ndinamufotokozera kuti amayi, belo timapempha pamene munthu akumuganizira mlandu ndipo tikuvomereza kuti anamugwira motsata lamulo, tikungofuna azidikira mlandu ali kunyumba. Apa palibe mlandu uliwonse umene walembedwa. Amene wamusunga si majisitireti, ndi ofesala wa boma amene wangogwiritsa ntchito mphamvu za ofesi yake. Ndiye njira yathu ndi ina, ife kuntchito timati habiyasi kopasi, kutanthauza kuti tikupempha Khothi Lalikulu lilamule womusungayo kuti bwera naye munthuyu pamaso pa jaji, utiuze lamulo limene likukulola kumusunga.

Anthu ambiri amadziwa za maola 48 aja, kuti wogwidwa pomuganizira mlandu azikaonekera kukhothi asanathe, kapena tsiku loyamba logwira ntchito ngati athera pa wikendi. Zili mu gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994. Chimene ambiri sadziwa nchoti koyambirira kwa gawo lomwelo amakamba za munthu aliyense wosungidwa, kaya ali ndi mlandu kaya alibe. Ayenera kuuzidwa chifukwa chake mwachangu m'chilankhulo chimene amamva, ali ndi ufulu wotsutsa kukhothi kusungidwa kwakeko, ndipo ngati kuli kosatsata lamulo ayenera kumasulidwa. Kuno ku Mangochi mawu amenewa sindimawawerenga ngati zolemba chabe ayi, akuluakulu athu akukumbukirabe za 1965 Chipembere ataukira, mmene anthu a kuno ankatengedwera nkukakhala zaka m'ndende popanda kuzengedwa mlandu.

Lachiwiri ndinapita kukamuona mwamuna wake uja. Kutentha kwa Mangochi mukukudziwa, ndiye muganize mkati mwa selo masana. Anatuluka atavala malaya omwe anamugwira nawo aja, fungo la usipa linali litatheratu kwatsala la thukuta basi, ndipo m'manja monse anali ndi timatuza tokandakanda. Sindinamufunse zambiri za komwe anabadwira. Ndinamufunsa zinthu zinayi zokha: anakugwirani tsiku liti achimwene, anakuuzani chifukwa chake, mwasainako pepala lililonse, ndipo mwaonekerako kwa majisitireti? Zitatu zomalizazo anati ayi. Anangouzidwa kuti tikufufuza, udikire.

Pa tsiku ndi pamene panavuta, ndipo nkhani ngati izi zimaonongekera pomwepa. Lamulo loona za olowa ndi kutuluka m'dziko limalola ofesala kusunga munthu amene akumukayikira kuti ndi woletsedwa kukhala m'dziko muno pamene akufufuza kuti ndi ndani, koma osapitirira masiku 14. Ndiye nkhondo yonse ili pa kuwerenga masiku. Iye amati anamugwira Lachisanu koma deti samalikumbukira, m'selo masiku amafanana. M'buku lolembamo anthu osungidwa dzina lake linalembedwa Lolemba lotsatira. Ngakhale titawerenga kuchokera pa Lolembalo masiku 14 anali atadutsa kale, koma ine sindifuna kulumbiritsa munthu deti lolakwika, chifukwa loya wa boma akangopeza bodza limodzi m'chikalata cholumbira amayamba kukayikitsa jaji pa zonse zotsala. Anatithandiza ndi mayi uja. M'kajumbo kake munali kabuku ka kusikelo ka mwana, ndipo anati tsiku limene bambo ake sanabwere kunyumba ndi lomwe ndinapita naye kusikelo uyu. Titatsegula, deti linalipo ndi cholembera cha buluu, Lachisanu ndithu. Kuwerenga mpaka Lachiwiri limenelo anali masiku 25, ndipo Lolemba pamene mayiyo amafika kwa ine tinali pa 24. Ine m'fayilo ndinali nditalemba 23 mmene ndinamva koyamba, nambala imeneyo ndi imene yakhala m'mutu mwanga mpaka pano, koma m'chikalata tinalemba yolondola.

Usiku umenewo ndinalemba mapepala. Chikalata cholumbira, afidaviti ija, anasainira ndi mayiyo chifukwa munthu wina atha kupemphera amene ali mkati ngati mwini wake sangathe kutero. Ndinachilemba chachifupi dala. Anagwidwa tsiku lakuti, malo akuti, akusungidwa pakuti, sanauzidwe chifukwa, sanaonekere kukhothi, palibe walanti imene tasonyezedwa. Tinaphatikizapo fotokope ya chiphaso chake cha unzika chomwe analembetsa mu 2017, chimene chinali m'sutikesi kunyumba nthawi yonseyi, mayiyo anati anapita nacho kawiri koma anabwezedwa kuti abwana kulibe. Maloya ongoyamba kumene amakonda kudzaza masamba ndi zoti munthuyu ndi wabwino, amapemphera, ali ndi ana anayi. Zimenezo jaji sakuzifuna pa nthawi imeneyi.

Lachitatu kunali kwa Zomba, poti pempho lotere silipita kwa majisitireti, limapita ku Khothi Lalikulu. Minibasi yodzera pa Ulongwe ndi Liwonde, kuima paliponse, ine fayilo pachifuwa. Ndinapereka mapepala pamodzi ndi kalata yosonyeza kuti nkhaniyi ndi yachangu. Poyamba jaji amaona mbali yathu yokha, amangofuna kuona ngati pali chifukwa chokwanira choitanira womusungayo. Madzulo lamulo linatuluka loti abwere naye Lachisanu ndipo afotokoze. Lachinayi lonse linathera kupereka lamulolo m'manja mwa anthu oyenera ndikuonetsetsa kuti wolandira wasaina ndi kudinda, chifukwa popanda umboni woti analandira, Lachisanu angangoti ife sitinamve ndipo nkhani nkusunthidwa sabata ina munthu ali mkati.

Tsiku limenelo ndinali ndi nkhawa ndi chinthu chimodzi chimene ndinachionapo kangapo. Akangolandira lamulo la jaji ena amathamangira kwa majisitireti mawa lake m'mawa, kumulembera munthu mlandu wolowa m'dziko popanda chilolezo, nkutenga walanti ya rimandi. Zikatero pofika pamaso pa jaji amakhala ali ndi pepala lovomerezeka m'manja, ndipo funso lalikulu la habiyasi kopasi ndi loti kodi lero lino munthuyu akusungidwa motsata lamulo. Masiku ambuyo aja sakufufutika, utha kudzasumira chipukuta misozi padera, koma kuti atuluke umayenera kubwereranso ku belo. Ndinamuuziratu mayi uja zimenezi kuti asadzati aloya anandinamiza.

Lachisanu anabwera naye. Mmene khothi limaunikira nkhanizi ndimafuna anthu azimvetse, chifukwa zimasiyana ndi mlandu wamba. Ife sitinayambe ndi kutsimikiza kuti munthuyu ndi wosalakwa. Tikangosonyeza kuti ali m'manja mwawo, udindo wofotokoza umagwera womusungayo. Jaji anafunsa loya wa boma pang'onopang'ono, mosakweza mawu. Mukumusunga ndi lamulo liti? Anatchula lija la olowa ndi kutuluka. Lamulo limenelo limakupatsani masiku angati? Anavomera kuti 14. Nanga atatha masiku amenewo, pali chikalata chomulengeza kuti ndi woletsedwa m'dziko muno, kapena walanti yomusunga podikira kumutumiza kwawo, yosainidwa ndi munthu amene lamulo limamupatsa mphamvu? Loyayo anatembenuka kunong'onezana ndi ofesala amene anabwera naye, kenako anati olemekezeka, kafukufuku akadali mkati, komanso panali vuto la mayendedwe. Jaji anati kusowa kwa galimoto sikuonjezera masiku amene lamulo linapereka.

Mukaona bwino, mafunso onse anali pa mphamvu, nthawi ndi ndondomeko. Kodi mphamvuyo ilipo m'lamulo, kodi ikukhudza munthu ameneyu, kodi anaigwiritsa ntchito ndi woyenera, ndipo kodi nthawi yake ikadalipo. Pa funso lachiwiri lija ndi pamene chiphaso chinagwira ntchito, chifukwa mphamvu yosunga mlendo woletsedwa sungaigwiritse pa nzika. Loya wa boma anachitembenuza uku ndi uku, sanachitsutse. Koma ndikufuna ndinene mosabisa kuti ngakhale akanakhala wa ku Mandimba ku Mozambique weniweni, yankho pa masiku aja likanakhala lomwelo, gawo 42 limati munthu aliyense, silinena kuti Mmalawi yekha. Amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi alendo enieniwo, amene alibe mkazi woti abwere ndi kajumbo pakhonde la loya, ena amakhala miyezi akungouzidwa kuti tikudikira thiransipoti.

Jaji analamula kuti amasulidwe nthawi yomweyo. Sindinachoke mpaka kalaliki atalemba lamulolo ndikudinda, chifukwa mawu apakamwa kuselo sawamvera, amafuna pepala, ndipo linali Lachisanu masana, kungochedwa pang'ono akanagonanso mkati mpaka Lolemba. Pomubwezera katundu wake panali lamba, foni yothima ndi ndalama za ku Mozambique zija. Mpamba wa geni unali utathera m'mathiransipoti a mkazi wake ndi chakudya chomupititsira. Tili mu minibasi pobwerera anandifunsa ngati angasumire boma pa masiku onse aja. Ndinamuuza kuti ndizotheka, ndi mlandu wina wapadera ndipo umatenga nthawi yaitali, abwere Lachiwiri ndi kabuku ka kusikelo kaja tidzayambe kulemba.