Zaka 3 za saluni yathu ku Ndirande: tiyamba taonera pa foni, kenako tidaye

Mwezi uno saluni yathu yakwanitsa zaka 3. Ndinayamba ndi galasi limodzi, mpando umodzi ndi beseni la pulasitiki, koma lero tilipo anthu anayi ndipo makasitomala ena amachokera ku Chilomoni ndi ku Bangwe kudzadayitsa tsitsi kwa ife. Ambiri amatidziwa ngati saluni ija imakuonetsa kaye mtundu wa tsitsi pa foni usanadaye. Ndikufuna ndifotokoze mmene zimenezi zinayambira, chifukwa zinandidutsitsa m'misozi.

Amene anandionetsa ndi mng'ono wanga. Pali ma apu ngati YouCam Makeup oti ukajambula nkhope, amazindikira pamene pali tsitsi n'kupakapo mtundu umene wasankha. Tsiku loyamba ndinadziona ndili ndi tsitsi lofiirira ndipo ndinakuwa ndi chimwemwe. Amayi ambiri amafuna kusintha mtundu koma amaopa kuti akafika kunyumba kapena kutchalitchi anthu akawaseka. Apa munthu amadziona yekha, n'kutumizira mwamuna wake kapena mnzake chithunzicho pa WhatsApp, dayi asanakhudze mutu.

M'chaka choyamba kunabwera mtsikana wina kutatsala masiku asanu kuti achite chinkhoswe. Tinayesa mitundu ingapo pa foni ndipo anakonda 27, mtundu uja wonga uchi umene mumaudziwa pa meshi. Unamukhaladi, nanenso ndinavomereza. Sindinamufunse chilichonse chokhudza tsitsi lakelo. Pambuyo pake ndi pamene ndinamva kuti anali atawotcha ndi rilaksa sabata yathayo, komanso miyezi ingapo m'mbuyomo anapakapo dayi wakuda. Ndinasakaniza bulichi ndi divelopa wa 30, mankhwala opatsa bulichi kapena dayi mphamvu amene nambala ikamakwera mphamvu yake imakweranso, n'kupaka mutu wonse. Kumizu kunayera msanga kufika pachikasu, koma kunsonga kumene kunali dayi wakale kunangoima pa mtundu wa dothi lakatondo. Ndinati tidikire pang'ono kuti kufanane. Pochapa, tsitsi linkatamuka m'zala ngati chingamu, kenako linayamba kutsalira m'beseni.

Mtsikanayo sanalalate. Anangogwira kumutu n'kunena kuti, "Achemwali, nanga Loweruka ndikaima bwanji pamaso pa azilamu?" Tinameta, ndinamugulira wigi yabwino ndi ndalama zanga, ndipo ndinamusamalira mutu kwaulere mpaka tsitsi linamera. Nkhani inafala mu Ndirande ndipo kwa miyezi iwiri mpando unkakhala wopanda munthu. Lendi ndinalipira ndi ngongole. Bambo wina wa katapila amene ndinamugwadira nthawi imeneyo anabwera kudzanyamula dalaya yanga nditachedwa ndi masiku awiri okha, makasitomala akuona. Ndinamubwezera zonse ndi chiwongola dzanja chake, ndipo dalaya imene ili pano ndinagula ndi thukuta langa.

Chimene ndinaphunzira pamenepo n'chakuti foni imangopaka mtundu pamwamba pa chithunzi. Imakuuza ngati mtunduwo ukugwirizana ndi khungu lako, koma siidziwa kuti tsitsi lako ladutsa mu chiyani. Odaya timawerenga kuda kwa tsitsi kuyambira 1, lakuda bii, mpaka 10, loyera kwambiri. Ambirife tili pa 1 kapena 2. Kuti lifike pa mtundu wonga 27 liyenera kukwera masitepe asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo pokwerapo limadutsa kofiira, kenako kwa olenji, kenako kwachikasu. Dayi wamba wosakaniza ndi divelopa wa 20 amakweza sitepe imodzi kapena awiri basi. Kupitirira apo pamafunika bulichi, ndipo bulichi pa tsitsi lowotchedwa ndi rilaksa amalithothola chifukwa lafooka kale. Komanso dayi sachotsa dayi mnzake: ngati munapakapo wakuda, mukapaka wofiirira pamwamba amangooneka kumizu kumene kwamera kumene.

Ndiye masiku ano mukabwera timayamba ndi kukujambulani pakhomo, kuwala kwa dzuwa kukumenya kumaso, osati pansi pa babu, chifukwa babu lachikasu limachititsa mtundu uliwonse kuoneka wofiirira. Timamasula tsitsi, timazimitsa zosalaza nkhope zonse za pa foni, ndipo timayesa mitundu itatu yokha, chifukwa ikachuluka munthu amasokonezeka. Pa apu pamakhala kamzere kowonjezera kapena kuchepetsa mphamvu ya mtundu. Ine ndimakatsitsa kufika pakati, chifukwa mtundu wa pa sikirini umawala kuposa mmene udzaonekere pamutu wakuda. Mukasankha, ndimatenga meshi ya mtundu womwewo n'kuigwira pafupi ndi tsaya lanu pagalasi kuti muone ndi maso, osati pa foni pokha.

Kenako mafunso, ndipo chonde muziyankha zoona: munawotcha liti, munadayapo liti, ndi dayi wanji, mutu umayabwa kapena uli ndi zilonda? Ndikatero ndimadula tsitsi pang'ono kunkhongo kumene sikuoneka, ndimalipaka mankhwala omwewo n'kuwerenga mphindi. Likatamuka kapena kuduka pokoka, sitidaya. Ndimapakanso kadontho ka dayi kuseri kwa khutu n'kukuuzani kuti mubwere patatha maola 48. Madayi ambiri akuda ndi ofiirira ali ndi mankhwala otchedwa PPD amene ena amawenga nawo mpaka kutupa nkhope. Pakayabwa, pakafiira kapena kutuluka matuza, ndiye kuti dayi ameneyo si wanu. Amene mwangowotcha kumene mudikire masabata awiri musanadaye, ndipo bulichi pa tsitsi lowotcha ndimakana ngakhale mutandilipira kawiri.

Mwezi watha kunabwera mayi wina wophunzitsa ku pulayimale, wa tsitsi lachilengedwe limene silinaonepo mankhwala. Pa foni anakonda 613, yoyera ija, komanso 99J, yofiira moderapo. Ndinawafotokozera kuti 613 ifuna bulichi kangapo ndipo tsitsi lawo lingaume n'kutaya kupotana kwake. Tinayesa 99J pa katsitsi kakunkhongo ndi divelopa wa 20 kwa mphindi 35. Ndinatuluka nako panja n'kukaika pambali pa chithunzi cha pa foni. M'nyumba kankaoneka kakuda ndithu, padzuwa kufiira kwake kumatuluka bwinobwino. Iwo anati, "Mwanawe, izi ndiye zabwino, ahedi sadandaula." Anabwera tsiku lachitatu tinadaya. Mtundu wa 613 uja tinawalukira wa meshi pa holide, ndipo ndi zimene ndimalangiza aliyense amene tsitsi lake silingapirire: mtundu mwaukonda pa foni muuvale pa meshi kapena pa wigi.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandisiye m'miyezi iwiri ija. Ndikuthokoza amayi anga amene ankabwera kudzakhala pa mpando kuti odutsa aziona ngati muli kasitomala, mng'ono wanga amene mpaka lero ndi amene amajambula zithunzi, amayi anzanga a ku banki m'khonde amene anandikhulupirira pamene ena ankandinena, komanso atsikana atatu amene ndimagwira nawo ntchito, amene amaima tsiku lonse osang'ung'udza. Mtsikana wa chinkhoswe uja ndimamuthokoza mwapadera, chifukwa anabweranso, ndipo pa ukwati wake mutu anamukonza ndine. Kwa aja amagulitsa divelopa wothira m'mabotolo opanda chizindikiro, osadziwika ngati ndi wa 20 kapena 40, musavutike kubwera naye kuno. Ife timagula wosatsegula ndipo timatsegulira pamaso pa kasitomala.

Kuyesa mtundu pa foni ndi kuyesa katsitsi kakunkhongo n'kwaulere mwezi wonse uno, ngakhale mutapanda kudaya. Bwerani m'mawa kuwala kukadali bwino, tsitsi lili lomasula. Ngati muli ndi ukwati kapena chinkhoswe, mufike kutatsala masabata atatu, ndipo mutenge paketi ya dayi amene munapaka komaliza ngati mudakali nayo.