Kuphimba nkhope za ana ndi nambala ya kabaza mu vidiyo ya masekondi 40

Vidiyo ya pa foni ndi zithunzi zambiri zothamanga motsatizana. Mafoni ambiri amajambula zithunzi 30 pa sekondi imodzi, ndiye kavidiyo ka masekondi 40 kamakhala ndi zithunzi 1,200. Mukaphimba nkhope ya mwana pa zithunzi 1,199 koma chimodzi n'kutsala, ntchito yonse yapita m'madzi, chifukwa aliyense angathe kuimitsa vidiyoyo pomwepo n'kujambula sikirini. Zonse zimene ndimachita pophimba zimachokera pa masamu amenewa.

Vidiyo imene ndifotokoze inachokera kwa a Tcheya a komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi kumudzi kwathu, ku East Bank m'boma la Chikwawa. Chiyambire Namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, makomiti aphunzira kuti kalata yokha sigwedeza munthu, koma vidiyo. Iyi inkaonetsa kamlatho kamene madzi anakokolola, ana asanu a pulayimale akuoloka madzi a m'maondo atasenza makope pamutu, kenako wakabaza wa njinga yamoto akudutsa atakweza anthu awiri, onse opanda zipewa. Inkayenera kupita ku magulu a WhatsApp ndi pa Facebook.

“Achimwene, ana osaukawa ndiwo nkhani yake. Mukawabisa, anthu amva chisoni ndi chiyani?” anatero a Tcheya.

Ndinawayankha kuti nkhani ndi madzi ndi mlatho, ndipo miyendo ya ana m'madzi idzaonekabe. Makolo awo palibe amene anawafunsa, mtsikana mmodzi anali atakwinyira diresi m'chiuno kuti lisanyowe, ndipo vidiyo ikalowa m'magulu siibwezeka. Malamulo a dziko lino, chisinthireni mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Wakabazayo naye sanabwere kudzajambulidwa, koma nambala yake yoyamba ndi CK inkawerengeka bwinobwino, ndipo akanagwa nayo m'mavuto pa nkhani imene si yake.

Ndimagwiritsa ntchito Shotcut, pulogalamu yokonzera mavidiyo, pa laputopu, chifukwa ndi yaulere ndipo ukaiika siifuna bandulo. Fayilo ndinaitenga ndi chingwe kuchokera pa foni ya a Tcheya. Imene yadutsa kale pa WhatsApp imakhala itafinyidwa, ndipo ukaikonzanso imatuluka yoipa kwambiri.

Ndisanaphimbe kanthu ndimaonera vidiyo yonse ndi cholembera m'manja, n'kulemba chilichonse chozindikiritsa munthu ndi sekondi imene chikuonekera. Apa ndi pamene ambiri amathamangira nkhope zokha. Koma kuno kuchigwa munthu sitimudziwira nkhope yokha. Mwana timamudziwira kayendedwe, chikwama, chipsera cha pamwendo, ngakhale chitenje cha mayi amene amugwira dzanja. Pa pepala langa panalowa nkhope zisanu, nambala ya njinga kuyambira sekondi ya 22 mpaka ya 27, kope limene linali ndi dzina lolembedwa ndi zilembo zazikulu pachikuto, baji ya sukulu pa malaya a mnyamata mmodzi, ndi mawu a mayi wina kutsidya akuitana mwana ndi dzina lake pa sekondi ya 31. Panalinso masekondi 6 oyambirira amene wojambula anayandikira kwambiri mtsikana uja. Amenewo sindinavutike nawo. Nditamaliza kuphimba, ndinaika mzere woimitsira pa sekondi ya 6, kudina S kuti vidiyo iduke pawiri, n'kufufuta chidutswa choyambacho. Chimene nkhani ingayende popanda icho, kudula kumaposa kuphimba.

Kuphimba kwenikweni kumafuna zinthu zitatu pa Filters, ndipo ndondomeko yake ndi yofunika. Choyamba ndi Mask: Simple Shape, imene imasonyeza malo oti aphimbidwe. Pansi pake pamabwera Blur: Gaussian, imene imachititsa chimbuuzi. Pomaliza ndi Mask: Apply, imene imatsekera chimbuuzicho mkati mwa malo munasankha aja. Mukaona chithunzi chonse chachita chimbuuzi, mlatho ndi madzi omwe, dziwani kuti Mask: Apply palibe kapena yakhala pamwamba pa Blur. Shotcut yatsopano ili ndi Obscure With Blur imene imaika zonse zitatu nthawi imodzi, koma ndi bwino kudziwa chimene chili mkatimo.

Pa Shape ndimasankha Ellipse, n'kuikulitsa kuti imeze mutu wonse, tsitsi, makutu ndi chibwano, n'kutsalako malo m'mbali. Softness ndimaitsitsa kwambiri. Ikakwera, m'mphepete mumaoneka mokongola koma mumaonekera, ndipo mwana akatembenuka mwadzidzidzi, diso ndi mphuno zimagwera m'mphepetemo.

Ana sakhala malo amodzi, ndipo dzanja la wojambula limagwedera. Choncho chophimbacho chiyenera kuyenda ndi mutu. Pafupi ndi Position pali kabatani ka wotchi. Mukakadina, pulogalamu imayamba kusunga malo a chophimba pa nthawi iliyonse imene mwachisuntha, zimene zimaoneka pa Keyframes ngati timadontho, ndipo pakati pa madontho awiri imachiyendetsa yokha mu mzere wowongoka. Vuto lili pa mzere wowongokawo. Mwana woyenda m'madzi sayenda mowongoka: amaterereka, amawerama, amacheuka. Ndiye ndimayamba ndi dontho pa sekondi iliyonse, kenako ndimabwerera kukaona pakati pake. Pamene mutu wasuzumira kunja, ndimaonjezera dontho. Pa sekondi ya 14, pamene mnyamata wamng'ono anaponda mwala n'kutsala pang'ono kugwa, ndinaika madontho pa zithunzi ziwiri kapena zitatu zilizonse, ndikuyenda ndi mabatani a mivi, lamanja kupita patsogolo chithunzi chimodzi, lamanzere kubwerera.

Ana atatu ankayenda atagwirana manja, ndiye sindinawapatse aliyense chake. Ndinaika chophimba chimodzi chachitali chodutsa mitu yonse itatu, chimene chinamezanso kope lija chifukwa linali pamutu. Enawo ndinaonjezera Mask: Simple Shape ina pamwamba pa Blur, Operation yake n'kuika pa Add.

Pali Motion Tracker imene imatsatira chinthu yokha. Mumazinga mutu, kudina Analyze, kenako pa chophimba kusankha Load Keyframes from Motion Tracker. Pa munthu wamkulu woyenda yekha pamsewu imathandiza. Pa ana ovala yunifomu yofanana, odutsanadutsana, dzuwa la ku Chikwawa likunyezimira m'madzi, imasochera. Mumaona chophimba chadumphira pa mutu wa mnzake kapena chatsalira pa chitsamba mwana atapita. Zimachitika kawirikawiri munthu akabisika kumbuyo kwa wina n'kutulukanso. Ndimailola kuyamba ntchito, koma kumaliza ndi kwanga.

Mphamvu ya chimbuuzi imanamiza. Pa laputopu, chithunzi chili chachikulu, nkhope imaoneka ngati yasowa. Koma anthu adzaonera pa foni, ndipo chithunzi chikachepa, maso amalumikiza zotsalazo n'kuzindikira munthu. Muyeso wanga ndi wakuti ndichepetse zenera mpaka likhale ngati bokosi la machesi, ndiime chapatali, nditsinzine pang'ono. Ngati ndikuonabe pamene pali maso ndi pakamwa, ndimakweza Amount mpaka mutu ukhale banga chabe.

Nambala ya njinga sindiichita chimbuuzi kapena timabokosi ta Mosaic. Zilembo ndi manambala ndi ochepa, maonekedwe ake ndi odziwika, ndipo wa kuno akudziwa kale kuti zambiri zimayamba ndi CK kapena NE. Kuonjezera apo, njinga ikamayenda, chithunzi chilichonse chimaulula kachidutswa kosiyana, ndipo waluso angaziphatikize. Pamenepa pamafunika chinthu chosaonekera n'komwe. Ndimapita pa Open Other, kusankha Color, kutenga mtundu wakuda wosaonekera mkati, n'kuuika pa mzere wa vidiyo wapamwamba. Ndi Size, Position & Rotate ndimauchepetsa kukhala kabokosi, n'kukayendetsa ndi madontho monga muja. Ngakhale nambala inkaoneka kuyambira sekondi ya 22 mpaka ya 27, kabokosiko ndinakayambitsa theka la sekondi njinga isanalowe, n'kukachotsa itatulukiratu. Polowa ndi potuluka ndi pamene zithunzi zimapulumukira. Baji ya sukulu inalandiranso kabokosi kake.

Dzina loitanidwa lija ndinalidula mbali zonse ziwiri ndi S, kachidutswako n'kukapatsa Mute. Phokoso la madzi limaduka kwa sekondi imodzi, palibe amene amadandaula. Ingokumbukirani kuti kudula kuchitike mutamaliza kuphimba, kenako muonenso ngati zophimba zilipo pa zidutswa zonse.

Za Export, kutulutsa fayilo yomalizidwa, ndinene izi zokha: laputopu yakale pa kutentha kwa kuno imafooka kapena kuzima pakati pa ntchito, ndiye ndimatulutsa m'bandakucha, itachajidwa, itakhala pa njerwa ziwiri kuti mpweya uzidutsa pansi. Fayilo yatsopano ndimaipatsa dzina losasokonezeka ndi yoyamba.

Kuyendera kumachitika pa fayilo yotulukayo, osati mkati mwa Shotcut. Ndimagwiritsa ntchito pulogalamu ina yotchedwa ffmpeg kumasula vidiyo kukhala zithunzi zake zonse mu foda yopanda kanthu:

```
ffmpeg -i yophimba.mp4 zithunzi/f%04d.jpg
```

Masekondi 34 otsala anapereka zithunzi pafupifupi 1,020. Ndimatsegula choyamba, kugwira batani la muvi, n'kumayang'ana mwana mmodzi yekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kenako kubwerera kukatsatira wachiwiri. Diso silingalondere mitu isanu nthawi imodzi. Ndimayang'ananso kumbuyo, kwa amayi ochapa kutsidya, ndi pa kalilole wa njinga, chifukwa nkhope ya wokwera imatha kuonekera mmenemo. Chithunzi choyambirira chimafuna chidwi chapadera, poti nthawi zambiri n'chimene chimaonekera vidiyo isanatsegulidwe.

Foni imathanso kulemba mkati mwa fayilo tsiku, mtundu wa foni ndi malo enieni amene vidiyo inajambulidwa. Izi ndimazichotsa motere:

```
ffmpeg -i yophimba.mp4 -map_metadata -1 -c copy yotumiza.mp4
```

Muyeso womaliza ndi munthu wa m'mudzi momwemo. Ndinaonetsa alongo anga, amene amaphunzitsa pa sukulu yamkombaphala kumeneko, n'kuwafunsa kuti, “Achemwali, mwa anawa mukumudziwapo ndani?” Anaonera kawiri n'kuloza mmodzi: “Uyu wa chikwama chofiirayu ndi wa kuseri kwa chigayo.” Nkhope inali itaphimbika bwino, koma chikwama chotero chinalipo chimodzi mudzi wonse. Ndinabwerera kukachiika kabokosi. Kwa anthu a m'mudzi, kuphimba kuli ndi malire ake, ndipo pamene mwana akudziwikabe ngakhale mutaphimba zonsezi, chotsala ndi kudula chidutswacho kapena kukapempha chilolezo kwa makolo ake.

A Tcheya ndinawapatsa yotumiza.mp4 yokha. Yoyamba ija tinaisunga pa fulashi imene imakhala m'bokosi la komiti, pa foni pawo n'kuifufuta, kuphatikizapo mu Trash ndi mu Google Photos momwe inali itadzikweza kale. Mafayilo awiri ofanana akakhala pa foni imodzi, tsiku lina munthu ali pachangu adzatumiza wolakwika. Foda ya zithunzi 1,020 ija ndi fayilo yoyamba imene inali pa laputopu yanga ndinazifufutanso madzulo omwewo.