Msambo wasokonekera koma vuto lili pakhosi

Sabata ino ku kiliniki yathu ya amayi chithokomiro chandipatsa ntchito, ndiye ndati ndilembeko poti ambiri timadziwa kuti chithokomiro ndi chotupa cha pakhosi basi, pomwe kachiwalo kameneka tonse tili nako ndipo katha kusokoneza msambo khosi lili bwinobwino osatupa olo pang'ono. Ine ndine kiliniko ofesa, mbali yanga ndi ya matenda a amayi.

Lolemba kunabwera mayi wina wa zaka 34, ana atatu. Akuti kale amasamba masiku anayi mwezi ndi mwezi, pano amatha masiku 45 mwina 50 kuli zii, ndiye ukabwera umabwera ndi mkwiyo, masiku 9 mpaka 10, magazi oundana, padi osatha maola awiri, usiku amachita kuwonjezera nyanda koma m'mawa chitenje chathimbirirabe. Mu buku lawo la kuchipatala munali mapilitsi owonjezera magazi okhaokha, kulandira, kumwa, kubweranso. Tinayamba ndi zomwe timayambira nthawi zonse, kuyeza mkodzo ngati ali ndi pakati, mulibe. Jakisoni wolera sabayitsa, lupu alibe, apa ndimafunsitsa chifukwa Depo payekha amasokoneza msambo kwambiri. Khomo la chiberekero lili bwino, sikani sinaonetse zotupa. Hb inali 8.2, magazi ochepa ndithu.

Chomwe chinandigwira mtima ndi juzi. Kunja dzuwa likuswa mtengo, tonse thukuta kamukamu, iwo avala juzi ndi mpango. Ndinawafunsa, mayi kodi mumamva kuzizira chonchi masiku onse? Akuti eya adokotala, kunyumba amandiseka. Kufunsabe, zinayamba kutuluka zomwe sanabwere nazo, kudzimbidwa, kugona osakhuta tulo, thupi kunenepa chonsecho chakudya sadya kwambiri, tsitsi kuthothoka akamapesa, mawu kusasa. Khungu la m'miyendo louma ngati lothira phulusa, nkhope yotupikana m'zikope, mtima ukugunda ka 56 pa mphindi. Titafinya bere panatuluka timkaka pang'ono, mwana womaliza ali ndi zaka zisanu.

Apa mpamene ndinalemba zoti tiyeze TSH ndi T4, mahomoni a m'magazi oonetsa m'mene chithokomiro chikugwirira ntchito. Kuyeza kumeneku sikupezeka paliponse, magazi timachita kutumiza ku labu yaikulu kapena munthu akalipire ku pulayiveti, nchifukwa chake sitilembera aliyense, timayamba tafunsa kaye mokwanira.

Lachiwiri ndi Lachitatu zinali za masiku onse, kuyeza khansa ya khomo la chiberekero, olera, mzere mpaka pakhonde. Koma Lachitatu masana kunabwera mtsikana wa zaka 23 ndi amayi ake, nkhani yake yotembenuza ya Lolemba ija. Msambo unayamba kuchepa, tsiku limodzi timadontho basi, kenaka miyezi itatu osaona kalikonse. Waonda koma akudya ngati awiri, mtima kuthamanga, usiku osagona, kupsa mtima pa zazing'ono. Kunyumba maganizo anali pa mimba, ena akuti kachilombo, ena TB, zonsezi anayezetsa mulibe. Ndinamuuza atambasule manja ndikuika pepala pamwamba pake, pepala lija kunjenjemera aliyense akuona. Zikhatho zofunda zonyowa, mtima 118 atangokhala pampando, maso otong'oka pang'ono, ndipo atameza madzi kachotupa pakhosi kanakwera nkutsika. Uyu chithokomiro chake chikugwira ntchito mopyola muyeso, ndipo chikatero msambo nthawi zambiri umachepa kapena kutalikirana kapena kusowa kumene. Tinamupatsa pulopulanololo woti mtima ukhazikike titafunsa kuti alibe mphumu, magazi tatumiza, ndipo akaonana ndi dokotala wamkulu za kabimazolo, mankhwala ochepetsa mphamvu ya chithokomiro. Ndinawauziratu amayi akewo zinthu ziwiri, akadzayamba mankhwalawo ndiye nkumva zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi asiye kumwa abwere tsiku lomwelo chifukwa nthawi zina amagwetsa asilikali a m'magazi, chachiwiri msambo kusowa sikutanthauza kuti sangatenge mimba, ndipo kabimazolo si wabwino miyezi itatu yoyamba ya mimba. Mayi aja anayang'ana kumbali koma zinayenera kunenedwa.

Lachinayi zotsatira za mayi a juzi aja zinafika. TSH 38, pomwe ya munthu wabwinobwino imakhala cha pakati pa 0.4 ndi 4, T4 yotsika. Anthu amasokonezeka apa, amati nambala yakwera ndiye kuti chithokomiro chachuluka mphamvu, ayi. TSH imachokera ku kachiwalo kena pansi pa ubongo, ili ngati kapitawo, wantchito akamachita ulesi kapitawo amakuwa kwambiri. Ndiye TSH yokwera ndi chithokomiro chofooka.

Nanga zikukhudzana bwanji ndi msambo? Ubongo ukamalimbana ndi kudzutsa chithokomiro umakwezanso pulolakitini, homoni ya mkaka ija, nchifukwa chake timkaka tija. Pulolakitini akakwera dzira silikhwima pa nthawi yake, miyezi ina osatuluka nkomwe. Dzira likapanda kutuluka thupi silipanga pulojesiteroni, amene amakhazika bwino chimkati cha chiberekero kuti chidzayoyoke mwadongosolo. Ndiye chimkaticho chimangokulirakulira masabata ambiri, tsiku loti chagumuka chimagumuka chambiri komanso mosalekeza. Kuwonjezera apo chithokomiro chikafooka zinthu zina zothandiza magazi kuundana zimachepa m'thupi, ndiye kutaya kuja kumachedwa kuleka. Masiku 50 aja ndi masiku 10 aja gwero lake ndi limodzi.

Titakambirana ndi adokotala tinawayambitsa levotayirokisini, mankhwala olowa m'malo mwa homoni ya chithokomiro, mamaikulogiramu 50 tsiku lililonse. Amalemera makilo 68, ndiye powerengera 1.6 pa kilo mwina adzafika cha pa 100, koma tikweza titayezanso TSH pakatha masabata 6 mpaka 8, kuyeza msanga kumangonamiza. Tinawapatsanso tiranekisamiki wochepetsa kutaya magazi, womwa masiku otaya kwambiri okhawo, ndi ayironi poti magazi ndi ochepadi. Ndinawauza mosabisa kuti mayi, msambo subwerera mwezi uno, upatseni miyezi ingapo, ndipo mankhwalawa kwa ambiri ndi a moyo wonse, mukapeza bwino musasiye. Komanso dzira likayambanso kutuluka mimba itha kubwera mosayembekezera, ngati simukuifuna tikambe zolera, ngati mukuifuna mudzabwere msanga mukangodziwa chifukwa mulingo umafunika kukweza.

Lachisanu kunabwera mayi wina wakale amene anayamba levotayirokisini miyezi yapitayo koma TSH yakana kutsika, msambo ukadali wochuluka. Akulumbira kuti sadumphitsa, ndipo ndinawakhulupirira. Ndinangoti tandiuzeni m'mene mumamwera m'mawa. Akuti ndimatenga onse pamodzi, wa chithokomiro ndi wa magazi, nkumwera phala la soya kuti asandipweteke m'mimba. Vuto linali pomwepo. Ayironi amagwira mankhwala a chithokomiro m'matumbo osalowa bwino m'magazi, soya nayenso amatchinga, ndipo zimandiwawa chifukwa amayi otaya magazi ambiri ndi omwewo amene timawapatsa mankhwala awiriwa limodzi, pa windo la famase mzere utatalika palibe amene amapeza mpata wofotokoza. Mulingo sitinakweze. Tinangosintha nthawi, wa chithokomiro akangodzuka ndi madzi okha m'mimba mulibe kanthu, adikire mphindi 30 mpaka ola asanadye, wa magazi amwe masana kapena madzulo patadutsa maola osachepera anayi. Ndinawalembera m'buku mwawo ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo anesi athu agwirizana nazo zoti aliyense wolandira mankhwala awiriwa azidutsa kaye pa tebulo lawo asanapite. Mayiwo abweranso pakatha masabata 8 tidzayezenso, ndawapempha kuti azilemba pa kalendala tsiku loyamba kusamba, tsiku lomaliza ndi mapadi angati pa tsiku.