Foni ya azakhali yayamba kuyankhula yokha

Lero tsiku lonse lathera pa foni ya azakhali. Mmawa anditumira mwana kuti ndibwere msanga foni yafa, ikungolankhula chizungu, ukadina sikutsegula kalikonse. Nditafika ndapeza foni ilibwinobwino, koma mdzukulu wawo anawayatsira TalkBack, ija imawerenga mokweza zomwe zili pa sikirini, dzulo poti maso awo akuona mwachimbuuzi, ndiye iye anaganiza kuti wathandiza, nkuchokapo osawauza kuti zala zimagwira ntchito mosiyana ikayatsidwa.

Nkhani yake ndi iyi, TalkBack ikakhala yoyaka kudina kamodzi sikutsegula, kumangosankha chinthucho, foni nkutchula dzina lake, pamaoneka kabokosi kozungulira chomwe wakhudzacho. Kuti chitseguke uyenera kudina kawiri mofulumira, paliponse pa sikirini. Kutsitsa tsamba ndi zala ziwiri osati chimodzi, chala chimodzi ukachikhwekhwereza kumanja chimakupititsa pa chinthu chotsatira, kumanzere chimakubweza. Azakhali amadina kamodzi, kudikira, kudinanso mwamphamvu, foni nkumangobwereza mawu omwewo. Ukaona kabokosiko ndipo foni ikulankhula dziwa kuti si kufa ayi.

Ndalowa mu Settings, kenako Accessibility, TalkBack, nkuizimitsa, chilichonse ndikudina kamodzi kusankha kawiri kutsegula. Pa mafoni ambiri a Android kugwira mabatani onse awiri a voliyumu kwa masekondi 3 kumayatsa kapena kuzimitsa, ngati njira yachiduleyo inatsegulidwa. Ndipo anthu ena imawayakira mthumba mosadziwa chifukwa cha mabatani omwewa.

Ine maganizo anga, munthu amene akuonabe pang'ono asayambire pa TalkBack. Inapangidwa kuti munthu agwiritse ntchito foni osayang'ana nkomwe, ndiye imasintha zonse. Azakhali vuto lawo ndi zilembo zing'onozing'ono basi, ma ayikoni akuwazindikira.

Ndiye tayamba ndi Font size, ndaikweza mpaka kumapeto, ndayatsanso Bold text kuti zilembo zinenepe. Ndawafunsa, "mukuwerenga azakhali?" akuti "eya, koma dzina la ameneyu laduka." Zoonadi mayina aatali amathera pa timadontho titatu. Palinso Display size, iyi imakulitsa zonse, mabatani ndi ma ayikoni omwe, osati zilembo zokha. Titaikweza zonse ziwiri mpaka mapeto tinayesa kuona balansi, kabokosi kamene kamabwera kaja kanatalika mpaka batani la Send linabisala kuseri kwa kiyibodi, amalemba nambala koma potumizira osapaona. Ndabweza Display size sitepe imodzi, Font size ndaisiya pamwamba, batani laonekanso. Ukakulitsa usangoyang'ana pa sikirini yoyamba nkumati zatheka, yesa malo omwe munthuyo amalowa tsiku ndi tsiku. WhatsApp ilinso ndi yakeyake, mu Settings, Chats, Font size, taika Large.

Pali ma apu ena omwe zilembo zawo sizimvera zomwe wasintha, komanso zolemba zomwe zili pa chithunzi sizikula. Pamenepo ndi pa Magnification, yomwe imakulitsa chilichonse chooneka pa sikirini. Ili ndi njira yodina katatu koma sindinawaikire, chifukwa foni imayamba kudikira kaye kuti ione ngati udinanso, ndiye imakhala ngati yaulesi, komanso azakhali dzanja limanjenjemera akanamangokulitsa mwangozi. Ndawaikira kabatani koyandama pambali pa sikirini, akadina zinthu zimakula, amayendetsa ndi zala ziwiri, kutanyula zalazo kumakulitsa kwambiri.

Chomwe chawasangalatsa ndi Select to Speak. Foni imakhala mmene ilili, kudina kamodzi kumatsegula monga kale, koma maso akatopa amadina kabatani kake kenako nkukhudza meseji, iyo nkuwerenga yokhayo basi nkukhala chete. Liwiro tatsitsa mu Text-to-speech output pa Speech rate poti imathamanga. Vuto nlakuti liwu lake ndi lachingerezi, ndiye meseji ya Chichewa imaiphwanya zomvetsa chisoni, "ndikubwera mawa" inatuluka mwina mwake mpaka azakhali anaseka nkugwetsa misozi. Manambala ndi mameseji achingerezi ikuwerenga bwino. A Chichewa tagwirizana kuti azikulitsa ndi Magnification, ndipo abale tiziwatumizira mawu ojambula m'malo molemba.

Madzulo anandiimbira kuti sikirini yoyera ikuwathobwa m'maso. Ndawauza mdzukulu uja ayatse Dark theme, osati Color inversion, poti iyo imatembenuza mitundu ya zithunzi zomwe, nkhope za anthu nkumaoneka zabuluu. Mawa ndikadutsako ndikaone ngati zilembo zoyera pa zakuda zikuwayanja, chifukwa ena zimawathandiza pomwe ena amati zikuchita kuwabalalikira.