Nsomba ya m'chikho

Popeza msuweni wanga wayamba kale kuzungulira nayo nkhaniyi kwa amayi a chilimba, bola ndiifotokoze ndekha isanamere miyendo ina. Inde, mwana uja anapita ndi nsomba. Ayi, sindinalire pageti. Unali utsi wa mbaula.

Ine ndine wa kwaya, za makadi olosera a taroti sindikhulupirira. Loweruka lija ku Kabwata ndinangokhala pampando chifukwa mpandowo unalipo, ndipo bambo uja wa ku Chilenje anali atatha masiku naini osandilembera ngakhale kadontho. Msuweni anatulutsa paketi yake ya makadi 78, n'kuyamba kundiphunzitsa ngati ndalipira fizi. Akuti kupatula makadi akuluakulu 22, otsalawo ali m'magulu anayi: zikho, ndodo, malupanga ndi makobidi. Gulu lililonse lili ndi mfumu, mfumukazi, wapakavalo, kenako kamzime ka pabanjapo, kamnyamata kotumidwa kamene amati Peji.

"Peji akatuluka pa nkhani ya chikondi," anatero, "ndiye kuti kukubwera uthenga, kapena chikondicho chikadali kakhanda kosadziwa kuyenda, kapena wina mwa awirinu ndi wachibwana."

Matanthauzo atatu. Ine ndinamva loyamba, makutu n'kutseka shopu.

Anayala makadi atatu: loyamba ine, lachiwiri bamboyo, lachitatu kumene zinthu zikulowera. Paketi yonse ili ndi Mapeji anayi okha, koma atatu anatulukira pa tebulo limenelo. Ine ndimati paketiyo inali yatsopano ndipo sanaisakanize bwino. Iye anangoti, "Sisi, ichi si chibwenzi, ndi sukulu ya mkaka."

Pamalo anga panagwa Peji wa Malupanga, kamnyamata konyamula lupanga m'mwamba, kataima pamphepo, khosi kutembenukira kumbali ngati kakumvetsera zolankhula za anebala. Akuti ndi khadi la munthu wofufuzafufuza, wokonda kusuzumira. Ndinatsutsa mwamphamvu. Kuona `last seen` ya munthu pa WhatsApp kakhumi tsiku lisanafike pakati si kusuzumira, ndi kufuna kudziwa ngati mnzako ali moyo. Pamalo achitatu panagwa Peji wa Makobidi, woyang'anitsitsa ndalama imene waikweza m'manja ngati sanaionepo. Uyu akuti uthenga wake umakhala wa ntchito, sukulu kapena ndalama, wopanda ndakatulo. Sindinamulabadire. Maso anga anali pa lapakati.

Peji wa Zikho. Anzanga, khadi ili n'lokongola. Kamnyamata kovala malaya a maluwa, nyanja kumbuyo, kanyamula chikho, ndipo m'chikhomo mwasuzumira kansomba, kakumuyang'ana m'maso. Msuweni anali atandiuza kale kuti limeneli likaima bwino ndi uthenga wa mumtima, munthu wamanyazi amene akufuna kuulula zakukhosi koma akadali kusonkhanitsa mawu. Ndipo linaima bwino, chilili, likundiyang'ana ine.

Apa ndi pamene ndikufuna chilungamo. Palibe anandiuza kuti khadi limawerengedwa kuchokera kumbali ya woyalayo. Ine ndinakhala tsidya lina la tebulo. Lomwe ndimaliona chilili, kwa msuweni linali lozondoka, miyendo m'mwamba, nsomba yatsala pang'ono kugwa. Ndipo Peji wa Zikho akazondoka ndi munthu wonyanyala ngati mwana, wolonjeza m'mawa n'kusowa madzulo, uthenga wochedwa kapena wosakoma. Iye akulumbira kuti ananena mawu oti "lazondoka" kawiri. Mwina. Ine nthawi imeneyo ndinali nditayamba kale kuganiza za mtundu wa chitenje cha pa chilanga mulilo.

Lamulungu foni sinandichoke m'manja. Ku tchalitchi inanjenjemera m'chikwama pakati pa nyimbo, ine mawu n'kukwera okha mpaka wotsogolera kwaya kucheuka. Anali a netiweki, akundiuza kuti bandulo yatsala pang'ono kutha. Lolemba cha m'ma 10 koloko, nayo: "Uli kunyumba madzulo ano?" Mawu anayi. Ndinawawerenga kangapo, ndikufunafuna nsomba pakati pa zilembo.

Ndiye ndinaganiza mwanzeru, monga mmene munthu wa zaka 34 amaganizira. Khadi laonetsa nsomba. Ndinapempha kuweruka msanga kuntchito, n'kukwera minibasi ya m'tauni, n'kulowa mu msika wa Soweto, n'kusankha nsomba yaikulu kuposa zonse patebulo, ya K150, wogulitsa akulumbira kuti dzulo lomweli imasambira mu Kafue. Ndikufika kunyumba malaiti kulibe. Ndinasonkha mbaula nditavala diresi yomwe ndimasungira maukwati. Tomato, anyezi, kampiru ka pambali, nsima yofewa. Nsomba ija ndinaiphika ndi mutu womwe, kuti ifanane ndi ya pakhadi, ndipo nthawi yonseyi diso lake limandiyang'ana mumphika. Panopa ndimadziwa kuti imafuna kundiuza chinachake.

Cha m'ma 7 koloko, gogogo pageti. Ndinadzithira pefyumu kachitatu, n'kuyenda pang'onopang'ono kuti ndisaoneke ngati ndimadikira. Kutsegula, palibe munthu. Kuyang'ana pansi, munthu alipo.

Kamnyamata ka zaka mwina 11, malaya a maluwa. Sindikuwonjezera, a maluwa. M'manja kanyamula kabigiri ka pulasitiki, kotsalira kumene kamagulira mafuta ophikira pa kantemba. Tinayang'anana nthawi yaitali, ine mu diresi ya ukwati, iko ndi chikho chake. Kumbuyo kwake kunalibe nyanja, koma paipi ya anebala inali itaphulika ndipo madzi amayenda mumsewu. Chinkasowa ndi nsomba basi.

"Anti, ankolo andituma."

"Eya, mwanawe, akuti bwanji?" Mawu anga anatuluka ofewa ngati a namwino.

Kanatseka maso kuti kakumbukire bwino. "Akuti muwapatse chaja yawo ija anaiwala. Akutinso ngati muli ndi K50 muwabwereke, abweza pa 30. Akutinso musakwiye, iwo sanabwere chifukwa akuonera mpira."

Mapeji onse atatu pakamwa pa mwana mmodzi. Uthenga unabwera, sindingawanamizire makadi. Wa makobidi uja ndinamunyoza anafika ndi K50 yake. Wachibwana wozondoka, wa zaka 40, anali pa sofa ku Chilenje. Ndipo wa lupanga, pomwepo pageti, anatulutsa foni n'kuona kuti bamboyo ali `online`.

Kenako mwanayo ananunkhiza mphepo. "Anti, mwaphika nsomba?"

Tsopano inu amene mukuseka, mukanatani? Mwana wayenda usiku, alibe mlandu. Ndinatenga kabigiri kaja, n'kuikamo mutu wa nsomba ndi msuzi, chifukwa mbale zanga sizipita ku Chilenje, ziwiri zili kumeneko kale. Mutuwo sunakwane bwino. Unatsala ukusuzumira kunja, diso ku mwana. Iye anaukweza m'mwamba n'kuuyang'ana, dzanja lina m'chiuno. Ndinaima pamenepo n'kuona khadi langa likutuluka pageti, chaja m'thumba, likulambalala madzi a paipi.

K50 sindinapereke. Ndinapereka K20, ndipo inali ya mwana, ya minibasi, kaya anakafika nayo kwa ndani si nkhani yanga.

Msuweni akuti ndibwerenso Loweruka, ulendo uno ndikhale mbali yake ya tebulo. Ndamuuza kuti ndili ndi kwaya. Pa 30 padutsa kale. Kabigiri kokha ndi kamene kanabwerera, kosatsuka, ndipo si kanga n'komwe.