Loweruka la buledi wopanda tirigu kuno ku Ulongwe

Lero ndadzuka 5 koloko kukuzizira koopsa, mwezi wa Julaye kuno ku Angoniya simasewera, madzi a mu ndowa kuchita kuluma zala. Alamu anga anafika dzulo madzulo kuchokera ku Moatize ndi mwana wawo wa zaka 7, uja madokotala anamupeza ndi matenda a siliyaki. Thupi lake silifuna guluteni, chinthu chija chimapezeka mu tirigu, barele ndi rayi, akangodya pau wa ku padariya, buledi wa tirigu wa ku bekale uja, mimba imatupa, kutsegula m'mimba, mwana osanenepa. Nsima amadya bwinobwino chifukwa chimanga chilibe guluteni, koma vuto ndi m'mawa pa tiyi anzake akamadya buledi iye kumangoyang'ana. Ndiye alamu anati mlamu mundiphunzitse buledi wanu uja wa chinangwa, ine ndikayesa amangoyoyoka ndikamadula.

Tisanayatse moto ndinayamba ndawafunsa za ufa umene anabweretsa, unagayidwa kuti. Izi sizachibwana ayi. Ku Tsangano kuno anthu amalima tirigu, ndipo chigayo chimene chagaya tirigu kenaka nkugaya chimanga chako, ufawo umatuluka ndi tizidutswa ta tirigu tokwanira kumudwalitsa mwana wa siliyaki. Sefa, mthiko, chitini chophikira, zonse zimene zinakhudzapo ufa wa tirigu tinazitsuka kaye ndi sopo. Ufa wa chinangwa nawo ndimagula kwa mayi amene ndikudziwa kuti akasenda amaviika masiku 3 kapena 4 nkuyanika mpaka kuuma gwa, chifukwa chinangwa chowawa chili ndi poizoni wa sayanaidi ndipo ku Nampula mu 1981 anthu ambiri anapuwala miyendo chifukwa chodya chinangwa chosakonzedwa bwino nthawi ya chilala. Ufa ukamawawa pa lilime kapena ukununkha nkhungu ine sindiphikira.

Tsopano nkhani ya kuyoyoka ija. Ndinawauza alamu kuti mu buledi wa tirigu guluteni ndi amene amatamuka nkugwira mpweya wa ferimentu, isiti ija, ndiye buledi amafufuma ndipo ukadula chidutswa chimakhala chogwirana. Ufa wa chimanga uli ndi mapuloteni ake koma satamuka, ufa wa chinangwa ndiye pafupifupi wonse ndi sitachi basi. Ukangosakaniza awiriwa ndi madzi ndi ferimentu mpweya umangothawa, palibe chougwira. Pamafunika chomangira, ndipo chimene anthu ambiri sadziwa nchakuti ntchito zake ndi ziwiri, zochitika nthawi zosiyana. Pali kugwira mpweya mtanda ukadali wauwisi pamene ukufufuma, ndiye pali kulimbitsa mkati mwa buledi akapsa kuti asagwe komanso asanyenyeke. Alamu iwo amangoika mazira okha, ndipo dzira laliwisi ndi lamadzimadzi, limayamba kulimba likatenthedwa mu uvuni, ndiye ntchito yoyamba ija panalibe woigwira.

Ntchito yoyambayo ine ndimaipatsa phala la chinangwa chomwecho. Sitachi ya chinangwa ikatenthedwa m'madzi kufika madigiri a m'ma 60 mpaka 70 imatupa nkusanduka yonanda, yotamuka ngati ulimbo, ndipo ikazizira pang'ono nkuisakaniza mu mtanda imagwira timpweya tija. M'masitolo akuluakulu a mu mzinda mwina mungapeze goma shantana, kaufa koyera kamene kasupuni kamodzi kakang'ono kamakwana ufa wa magalamu 400, kamagwira ntchito bwino sindikana, koma kuno kumudzi ukakatenga kuti, pamene chinangwa chili pa msika pompano.

Tinayeza chonchi, pa sikelo yanga yaing'ono ija. Ufa woyera wa chimanga magalamu 200, wosefa kawiri pa sefa yamaso ang'ono, mgaiwa ayi chifukwa madeya ake amalemeretsa mtanda. Ufa wa chinangwa magalamu 200, koma pa amenewa tinapatulapo 40 a phala, otsala 160 anakhala pambali. Mazira 2, mafuta ophikira masupuni akulu 3, shuga supuni yaikulu imodzi, mchere kasupuni kakang'ono kamodzi, ferimentu wouma magalamu 7 amene ndi timasupuni tating'ono 2 todzadza pang'ono.

Choyamba ufa wa chimanga uja tinauthira madzi otentha mamililita 120 nkuvundula, nkuvundikira mphindi 30. Umangooneka wonyowa wa mibulumibulu, osadandaula. Chimanga chimachedwa kumwa madzi kusiyana ndi chinangwa, ukachiika chouma buledi amamveka mchenga m'kamwa ndipo mawa lake amauma msanga. Pamene ukudikirapo ndi pamene umaphika phala. Magalamu 40 aja tinawasungunula m'madzi ozizira mamililita 200, ozizira ndithu, ukathira m'madzi owira zimapanga mabulu osaswekanso. Kenaka pa moto wochepa, kuvundula osasiya. Poyamba zimakhala zoyera ngati mkaka, ndiye mwadzidzidzi zimayamba kulimba pansi pa poto, mtundu nkusintha kukhala wotuwa wowala woonekera mkati, ukakweza mthiko phala likutamuka osaduka msanga. Pamenepo phula, zimatenga mphindi 2 kapena 3 basi. Alamu anafuna kupitiriza kuti lipse bwino ngati phala la mwana, ndinati ayi alamu phulani, sitachi ya chinangwa ukaiwiritsa nthawi yaitali uku ukuvundula imayambanso kusungunuka mphamvu nkuchepa.

Phala lija tinalisiya lizizire mpaka chala chikhoza kukhalamo osapsa, chifukwa lotentha limapha ferimentu komanso limaphika mazira nthawi isanakwane. Ferimentu tinamudzutsa m'madzi ofunda mamililita 50 ndi shuga uja, pa mphindi 10 thovu linali litabwera. Ndiye zonse mu beseni limodzi, chimanga chonyowa, phala, mazira, mafuta, mchere, ufa wa chinangwa wotsala, ferimentu, nkumenya ndi mthiko mphindi 5 zathunthu mpaka phala lisaonekenso palokha. Apa dzanja limatopa ndithu, tinachita kulandirana. Mtanda wake sukandidwa ndi manja ayi, sungauumbe, umakhala wofewa kuposa nsima koma wolimba kuposa wa zitumbuwa, ukautunga pa mthiko umakhala kaye kenaka nkugwa pang'onopang'ono chonse pamodzi. Wathu unalimba pang'ono chifukwa ufa wa alamu unali wouma kwambiri, tinaonjezera madzi masupuni 2. Ufa wa chinangwa umasiyana kamwedwe ka madzi malinga ndi kagayidwe, ndiye maso ako ndi amene amamaliza muyeso.

Cha m'ma 9 koloko tinathira mu chitini chopaka mafuta, kufika theka lokha, pamwamba kusalaza ndi supuni yonyowa. Chitini chikhale chopapatiza cha m'mbali mwakuya chifukwa mtanda uwu umadalira zipupa za chitini pokwera, mu poto wotakata pakati pamagwa. Kufufuma ndi kamodzi kokha, mu chitini momwemo, za kukanda kachiwiri zija ndi za tirigu, apa ukaugwedeza mpweya wapita ndipo subwereranso. Ku Moatize kotentha kuja mphindi 30 zikwana, koma ndi kuzizira kwa kuno tinaika pafupi ndi mbaula titavundikira nsalu ndipo zinatenga pafupifupi ola. Chofunika si wotchi, ndi kuona kuti wakwera ndi theka la msinkhu wake, osati kuwirikiza kawiri. Pamwamba pakayamba kuoneka timabowo tophulika ndiye kuti wadutsa, ulowe pa moto nthawi yomweyo.

Ine ndili ndi kauvuni ka magetsi, timaika pa madigiri 200 mphindi 45 mpaka 50, koma alamu kwawo alibe ndiye lero tinaphikira dala pa mbaula kuti aone. Poto wamkulu, mchenga pansi wokwana zala ziwiri, kuutenthetsa kaye mphindi 15, chitini pamwamba pa mchenga, chivundikiro cha lata ndi makala pamwamba ochulukirapo kuposa a pansi. Mphindi 25 zoyamba osatsegula ngakhale fungo likukoka bwanji, nthawi imeneyo mazira ndi sitachi zimakhala zisanalimbe ndipo mphepo yozizira ikalowa pakati pamatitimira. Wathu anatenga mphindi 55. Kabango kamene tinabaya pakati kanatuluka kopanda mtanda, ndipo titamutulutsa mu chitini nkugogoda pansi panamveka kuti mkati muli mpweya.

Ndiye panabwera nkhondo ya tsiku lonse, kumuletsa mwana ndi amalume ake kudula buledi akadali wotentha. Buledi wa chinangwa akangotuluka mkati mwake mumakhala monanda, sitachi imamaliza kulimba pozizira, ukadula msanga mpeni umatuluka ndi zomata nkumaganiza kuti sanapse. Maola 2 pa kawaya kapena pa lichero kuti mpweya uzidutsa pansi. Podikirapo tinapita ku msika kukagula mbatata ya kachewere ndi kabichi zoti alamu anyamule, kuno zimatchipa kusiyana ndi kwawo.

Titadula cha m'ma 1 koloko zidutswa zinatuluka zogwirana, ukapinda pang'ono osathyoka, timabowo ting'onoting'ono tofanana. Sanakwere ngati pau wa ku padariya ndipo sadzakwera choncho, ndi wolemerako, zimenezo ndinawauziratu. Pansi penipeni panali kamzere kopyapyala konanda, ndinawaonetsa alamu kuti aziwerenga buledi wawo. Kamzere kameneko kamatanthauza kuti madzi anachuluka pang'ono kapena moto wa pansi unachepa, kwa ife ndi makala a pansi amene anazilala chakumapeto. Buledi akananda mkati monse ndiye kuti phala lachuluka, mutsitse kufika magalamu 30. Akagwa pakati koma m'mbali muli bwino, anafufuma mopitirira. Akamayoyoka ndiye kuti chimanga chaposa chinangwa kapena phala linaphulidwa likadali loyera. Iwo anafunsa kuti nanga mazira akasowa, ndinati nthochi yakupsa imodzi yofinya imalowa m'malo mwa dzira limodzi monga timachitira pa chigumu, imasunga chinyezi bwino koma siilimbitsa ngati dzira, ndiye buledi amatsika ndipo amakoma nthochi, bola kuphika mu timatini tating'ono.

Mwana wadya zidutswa 3 ndi chiponde pa tiyi wa madzulo. Wotsalayo tamudula nkumukulunga mu pepala la pulasitiki atazizira, chifukwa buledi uyu pofika mawa amayamba kuuma ndipo mkucha amakhala atalimba, koma ukamuotcha pang'ono pa chiwaya amafewanso. Alamu anyamuka mawa m'mawa pa shapa, minibasi ija, miyeso ndawalembera pa pepala, ndipo popeza alibe sikelo tayeza ndi kapu yawo ya pulasitiki nkuilemba mizere itatu ndi mpeni, wa chimanga, wa chinangwa ndi wa ufa wa phala.